Mmene mungawerengere zilengezo za ntchito za zaka zingapo kuti mudziwe luso limene likufunika kwambiri

Chilengezo chimodzi cha ntchito chimangokuuzani zimene bwana mmodzi ankafuna tsiku limene ankalemba. Zilengezo 150 za udindo womwewo, zotengedwa m'zaka zisanu zotsatizana, zimakuuzani kumene ntchito yonseyo ikulowera. Koma zimatero pokhapokha ngati mwaziwerenga mwadongosolo, chifukwa maso paokha amanyenga: amakumbukira mawu achilendo, n'kulumpha mawu amene awazolowera. Malangizo otsatirawa akufuna kompyuta yokhala ndi Excel kapena Google Sheets, ndi maola pafupifupi 15 mpaka 20 amene mungawagawe m'masiku angapo. Titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, cha udindo wa akauntanti. Manambala a m'chitsanzocho ndi ongoyerekezera kuti njira ioneke bwino. Anu adzachokera m'zilengezo zimene mutolere nokha.

Gawo 1: Sankhani udindo umodzi ndi mulingo umodzi

Musanatole chilengezo ngakhale chimodzi, lembani papepala chiganizo chonena zimene mukufufuza. M'chitsanzo chathu chiganizocho n'chakuti: "akauntanti wa pakampani kapena bungwe, wofunidwa kukhala atagwira ntchito zaka 2 mpaka 5." Mkulu wa zachuma salowa, kalaliki wolandira ndalama salowa, wofufuza mabuku a makampani ena salowanso.

Chifukwa chake n'chakuti mulingo uliwonse uli ndi maluso ake. Ngati m'chaka choyamba mwatola zilengezo zambiri za makalaliki, ndipo m'chaka chomaliza zambiri n'za akuluakulu, mudzaona ngati "kukonza bajeti" kwakwera kwambiri, pamene chasintha ndi mtundu wa zilengezo zimene mwatola basi.

Musadalire dzina la udindo lokha. Ntchito imodzimodzi imalengezedwa ndi mayina osiyana, monga `Accountant`, `Finance Officer` kapena `Accounts Officer`, ndipo mayinawo amasintha ndi nthawi. Lamulo labwino n'loti chilengezo chilowe ngati theka kapena kuposa la ntchito zolembedwamo zikufanana ndi za udindo umene mwasankha, kaya dzina likhale lotani.

Gawo 2: Tolani zilengezo zakale mofanana chaka chilichonse

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo anthu ambiri amalakwitsira pomwepa. Zilengezo za chaka chino n'zosavuta kupeza. Zakale zimachotsedwa tsiku lofunsira likangodutsa, choncho muyenera kuzisaka.

Malo oyamba ndi Wayback Machine, pa `web.archive.org`, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive imene inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001. Mumalemba adiresi ya tsamba la ntchito, kaya la webusayiti yolengeza ntchito kapena la kampani inayake, ndipo imakuonetsani kalendala ya masiku amene tsambalo linajambulidwa. Dziwani malire ake: nthawi zambiri imasunga tsamba la mndandanda wa maudindo koma osasunga tsamba la mkati lofotokoza udindo uliwonse, ndipo masamba ofuna kulowa ndi mawu achinsinsi sawasunga. Chilengezo chimene mwangopeza mutu wake wokha chisiyeni, sichingawerengedwe.

Malo achiwiri ndi nyuzipepala zakale za mu laibulale. Zimatenga nthawi, koma zili ndi ubwino wakuti tsiku lake ndi lotsimikizika ndipo palibe amene anasintha mawu pambuyo pake. Malo achitatu ndi makalata ndi magazini a mabungwe a anthu a ntchitoyo, komanso maimelo akale olengeza ntchito amene ali m'bokosi lanu kapena la mnzanu.

Pa kuchuluka, yesetsani kupeza zilengezo 30 mpaka 50 pa chaka, kwa zaka zisanu. Zaka ziwiri zokha n'zosakwanira, chifukwa madontho awiri nthawi zonse amapanga mzere wooneka ngati ukukwera kapena kutsika, ngakhale palibe chimene chikuchitika. Zaka zitatu ndiye zochepetsetsa.

Malamulo awiri awa musawaphwanye. Loyamba, gwero likhale lomwelo. Mukatenga 2019 m'nyuzipepala ndi 2023 pa intaneti, mukuyerekeza zinthu zosafanana, popeza m'nyuzipepala wolengeza amalipira malo ndiye amafupikitsa, pamene pa intaneti amalemba mmene angafunire. Ngati simungachitire mwina, sakanizani mofanana chaka chilichonse, mwachitsanzo theka ndi theka. Lachiwiri, miyezi ikhale yomweyo. Ntchito zambiri zili ndi nyengo yake. Ma akauntanti olembedwa chaka cha zachuma chikamatha amafunidwa maluso otsekera mabuku kuposa olembedwa pakati pa chaka. Sankhani miyezi, mwachitsanzo Febuluwale, Juni ndi Okutobala, ndipo muitsatire m'zaka zonse.

Mukatola, chotsani zobwereza. Chilengezo chimodzi chimatha kuoneka pa mawebusayiti atatu, kapena kutulukanso patapita milungu iwiri. Ngati wolemba ntchito, udindo ndi mawu zili zofanana, ndipo masiku atalikirana osapitirira 60, chiwerengeni kamodzi. Samalani ndi makampani ofunira ena antchito: amabisa dzina la bwana, ndiye mumazindikira kubwereza poyang'ana ziganizo zofanana ndendende. Koma chilengezo chimene chabwerezedwa patapita miyezi itatu kapena inayi chiikeni chizindikiro, chifukwa mwina munthu woyenera sanapezeke, ndipo zimene zasintha pakati pa chilengezo choyamba ndi chachiwiri zimaulula luso limene linasowa.

Gawo 3: Konzani tebulo

Mzere uliwonse wopingasa ukhale wa chilengezo chimodzi. Mizere yotsika, imene tiziitcha madanga, ikhale motere: danga A chaka, B wolemba ntchito, C dzina la udindo, D zaka zimene munthu akufunidwa kukhala atagwira ntchito, E gwero, F mawu onse a chilengezo monga analembedwera. Kuyambira danga G kupita m'tsogolo, danga lililonse likhale la luso limodzi.

Danga F musalinyalanyaze. Mkati mwa ntchito mudzatulukira luso limene simunaliganizire poyamba, ndipo ngati mawu onse simunasunge mudzayenera kusakanso zilengezo zonse. Kabokosi kamodzi ka Excel kamanyamula zilembo 32,767, zokwanira chilengezo chilichonse. Za m'nyuzipepala zijambuleni ndi foni, n'kulemba pamanja gawo la ntchito ndi la zofunika lokha.

Gawo 4: Pangani mndandanda wa maluso, ndipo muphatikize mayina

Musayambe ndi maluso amene ali m'mutu mwanu, chifukwa mudzangopeza zimene mumayembekezera. Tengani zilengezo 10 za chaka choyamba ndi 10 za chaka chomaliza, muziwerenge modekha, n'kulemba luso lililonse lotchulidwa. Mudzapeza 40 kapena kuposa. Sungani 15 mpaka 20.

Osungidwa akhale amene munthu angathe kuwaphunzira ndi kuwaonetsa: pulogalamu, lamulo la kasungidwe ka mabuku, satifiketi, kapena ntchito yodziwika bwino monga kuyanjanitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki. Mawu monga "wolimbikira", "wogwira bwino ntchito ndi anzake" atayeni. Sikuti makhalidwewo ndi opanda pake, koma amalembedwa pafupifupi m'chilengezo chilichonse chaka chilichonse, ndiye sangakuonetseni kusintha.

Kenaka phatikizani mayina a chinthu chimodzi. Mapulogalamu amasintha mayina, ndipo wosadziwa amaganiza kuti lina lafa, lina labadwa. Pulogalamu imene kale inkatchedwa Navision inadzakhala Dynamics NAV, ndipo kuyambira 2018 inalowedwa m'malo ndi Dynamics 365 Business Central. Accpac ndi imene lero ikutchedwa Sage 300. Google Data Studio inasinthidwa dzina mu 2022 kukhala Looker Studio. Olemba zilengezo ena amapitiriza dzina lakale kwa zaka zambiri. Choncho tsegulani tsamba lachiwiri m'tebulo lanu, mulembe luso lililonse ndi mayina ake onse, ndipo mayinawo alowe danga limodzi.

Palinso funso la kukula kwa luso. Excel ndi dzina lalikulu kwambiri: wina amatanthauza kulemba manambala m'mabokosi, wina amatanthauza `pivot table` ndi `Power Query`, zida za mu Excel zosanjira ndi kufupikitsa manambala ochuluka. Pangani danga la Excel wamba ndi danga lina la zigawo zake zakuya. Muona m'munsimu chifukwa chake.

Gawo 5: Ikani 0, 1 kapena 2

Pa chilengezo chilichonse ndi luso lililonse, lembani nambala imodzi. Lembani 0 ngati luso silinatchulidwe. Lembani 1 ngati latchulidwa monga chongowonjezera mwayi, pansi pa mawu ngati `desirable`, `preferred` kapena `added advantage`. Lembani 2 ngati ndi lokakamiza, pansi pa `required`, `essential` kapena `must have`, kapenanso ngati lili m'gulu la ntchito zimene munthuyo azigwira tsiku ndi tsiku.

Kusiyanitsa 1 ndi 2 ndiko kumapangitsa njira yonseyi kukhala yaphindu. Gawo la zongowonjezera mwayi nthawi zambiri limakhala la zokhumba: bwana wamva za pulogalamu ina kumsonkhano, n'kuiika kuti mwina wina angabwere nayo. Koma luso likalowa m'gawo lokakamiza, ndiye kuti wopanda lusolo kalata yake iikidwa pambali. Ndipo likalembedwa pa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi mneni wake, monga "kukonza malipoti a mwezi ndi mwezi pogwiritsa ntchito pulogalamu yakuti", ndiye kuti pulogalamuyo inagulidwa kale ndipo ikugwira ntchito mu ofesimo.

Kompyuta ingathandize pa kusaka koyamba. Ngati danga G ndi la Power BI, pulogalamu yokonzera malipoti, m'kabokosi G2 mungalembe:

```
=IF(ISNUMBER(SEARCH("power bi",F2)),1,0)
```

Mukakokera fomulayi pansi, ikuonetsani zilengezo zimene muli mawuwo. Koma musaikhulupirire popanda kuyang'ana. `SEARCH` sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo amapeza zilembozo ngakhale zili mkati mwa liwu lina. Mukasaka `excel` adzawerenganso `excellent`, liwu limene lili pafupifupi m'chilengezo chilichonse cha Chingerezi, ndipo mudzapeza kuti Excel ili pa 95 peresenti. Mukasaka `sap`, pofuna SAP, pulogalamu imene makampani amayendetsera mabuku awo, adzawerenga `WhatsApp` ndi `ASAP`. `FIND` amasiyanitsa zilembo zazikulu, ndiye amachotsa vuto la `WhatsApp`, koma la `ASAP` limatsala. Kumbali inayo, wolemba `PowerBI` popanda mpata sapezeka konse. Chizindikiro chakuti pali cholakwika ndi nambala yokwera modabwitsa kapena yosasintha m'zaka zonse. Fomula ingokulozerani poyang'ana. 1 kapena 2 muike nokha mutawerenga chiganizocho.

Musayambe ndi chaka chakale n'kumalizira chatsopano. Diso limazolowera, ndipo pofika kumapeto mumakhala mukupeza maluso amene poyamba munkawalumpha, zimene zimapanga kukwera kwabodza. Sakanizani mizere: ikani `=RAND()` m'danga lopanda kanthu, sanjani tebulo potsata dangalo, bisani danga A, ndiyeno muyambe. Mukamaliza, tengani zilengezo 15 patapita masiku awiri, muziikenso manambala osayang'ana akale. Ngati mukusiyana ndi inu mwini pa mabokosi opitirira limodzi mwa 10 aliwonse, malamulo anu sanamveke bwino, alembeninso.

Gawo 6: Werengani gawo, osati chiwerengero

Chiwerengero cha zilengezo chimasiyana chaka ndi chaka, choncho chofunika ndi gawo la zilengezo za chakacho zimene zatchula luso. Fomula yake:

```
=COUNTIFS(A:A,2023,G:G,">0")/COUNTIFS(A:A,2023)
=COUNTIFS(A:A,2023,G:G,2)/COUNTIFS(A:A,2023)
```

Yoyamba ikupereka gawo la zonse zotchula lusolo, yachiwiri la zokakamiza zokha. Tiyerekeze kuti mwapeza izi:

| Chaka | Zilengezo | Excel | `pivot table` | Power BI | IFRS 16 | SAP |
|---|---|---|---|---|---|---|
| 2019 | 30 | 21 | 4 | 1 | 9 | 4 |
| 2020 | 18 | 13 | 3 | 1 | 4 | 2 |
| 2021 | 32 | 21 | 8 | 4 | 4 | 4 |
| 2022 | 40 | 25 | 13 | 9 | 3 | 11 |
| 2023 | 45 | 27 | 17 | 14 | 3 | 6 |

Tiyambe ndi Excel. Chiwerengero chakwera kuchoka pa 21 kufika pa 27, ndipo wowerenga mothamanga anganene kuti ikufunika kwambiri. Koma 21 mwa 30 ndi 70 peresenti, pamene 27 mwa 45 ndi 60 peresenti. Gawo latsika. Kodi ndiye kuti Excel ikutha? Ayi. Yang'anani danga loyandikana nalo: `pivot table` yachoka pa 13 peresenti kufika pa 38. Luso likafala mpaka aliyense kuyembekezeredwa kukhala nalo, olemba amaleka kulitchula, monga mmene palibe amene amalembanso kuti akauntanti adziwe kutumiza imelo. Dzina lalikulu likamatsika pamene zigawo zake zakuya zikukwera, lusolo silikufa, likuzama. Luso lomwe likufadi limatsika limodzi ndi zigawo zake zonse, ndipo pamakhala lina lolowa m'malo mwake limene likukwera pa nthawi yomweyo.

IFRS 16 ikuonetsa mtundu wina. Limeneli ndi lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka zinthu zobwereka pa lendi m'mabuku a zachuma, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. N'zomveka kuti m'chaka chimenecho makampani ankafuna anthu owathandiza kusintha mabuku. M'tebulo lathu gawo lake ndi 30 peresenti mu 2019, kenaka 22, 13, 8 ndi 7. Munthu amene akanangoyang'ana 2018 ndi 2019 akanaona phiri n'kuthamangira. Luso lobwera ndi lamulo latsopano limakwera mwadzidzidzi pafupi ndi tsiku loyambira, n'kutsika kusinthako kukatha. Lamulolo limakhalabe, koma limasanduka gawo wamba la ntchito. Mukaona kukwera kwadzidzidzi, funsani kaye ngati panali tsiku lokakamiza m'chakacho kapena chotsatira.

SAP yalumpha mu 2022: 11 mwa 40, pafupifupi 28 peresenti, pamene zaka zina zonse ili pakati pa 11 ndi 13. Pitani ku danga B. Tiyerekeze kuti mwa zilengezo 11 zija, 8 n'za kampani imodzi imene inkatsegula nthambi zatsopano. Ndiye kuti amene anafuna SAP ndi olemba ntchito osapitirira anayi. Kumeneku sikukwera kwa msika, ndi bwana mmodzi wolankhula mokweza. Pofuna kupewa zimenezi, musalole wolemba ntchito mmodzi kukhala ndi zilengezo zopitirira zitatu pa chaka m'tebulo lanu, kapena werengani kawiri, potsata zilengezo ndi potsata olemba ntchito, n'kukhulupirira zimene zagwirizana.

Tatsala ndi Power BI, pulogalamu ya Microsoft yokonzera malipoti ndi zithunzi za manambala, imene inatulutsidwa kwa anthu onse mu 2015. Magawo ake ndi 3, 6, 13, 23 ndi 31 peresenti. Ikukwera chaka chilichonse popanda kulumpha. Iyi ndiyo yoyenera kuiyesa mozama.

Gawo 7: Yesani ngati kukwerako n'koona

Zilengezo 40 ndi zochepa, ndipo manambala ochepa amagwedezeka okha. Ngati luso lilidi m'zilengezo 30 mwa 100 zilizonse pa msika wonse, inu n'kutola 40 mwachisawawa, gawo limene mupeze likhoza kukhala paliponse pakati pa 16 ndi 44 peresenti popanda chodabwitsa. Ngakhale mutatola 100, kugwedezekako kumakhalabe pafupifupi mapointi 9 mbali iliyonse. Tanthauzo lake n'lakuti kuchoka pa 23 kufika pa 31 m'chaka chimodzi, pakokha, si umboni. Ndi zilengezo 30 mpaka 50 pa chaka, kusintha kosakwana mapointi 15 kutengeni ngati phokoso.

Njira yosavuta yolimbitsira manambala ndi kuphatikiza zaka ziwiri zoyamba ndi ziwiri zomaliza. Pa Power BI, 2019 ndi 2020 pamodzi ndi 2 mwa 48, kapena 4 peresenti. 2022 ndi 2023 pamodzi ndi 23 mwa 85, kapena 27 peresenti. Kusiyana kwa mapointi 23 pa magulu aakulu chonchi n'kovuta kuti kungochitika mwangozi. Kuphatikizaku kumathandizanso pa chaka chofooka ngati 2020, pamene mliri wa COVID-19 unachititsa makampani ambiri kuimitsa kulemba anthu. Chaka chotero chisachotsedwe, koma chisaloledwe kugamula nkhani chokha.

Manambala akadutsa mayeso amenewa, yang'anani zizindikiro zitatu zimene zimalemera kuposa peresenti.

Choyamba ndi kusamuka kuchoka pa 1 kupita pa 2. M'chitsanzo chathu tiyerekeze kuti mu 2021 zilengezo zonse zinayi zinali za 1. Mu 2022 zinali 7 za 1 ndi ziwiri za 2. Mu 2023 zinali 8 za 1 ndi 6 za 2. Luso limene lakhala zaka zinayi likukwera koma lili pa 1 pokhapokha ndi fashoni ya mawu, ndipo mungalidikire. Limene layamba kuwoloka, ngati ili, layamba kusankhitsa anthu.

Chachiwiri ndi kufalikira. Kodi zilengezo 14 za 2023 zachokera kwa olemba ntchito angati, ndipo a mitundu ingati? Ngati ndi 12 osiyana, ena mabanki, ena mafakitale, ena mabungwe othandiza anthu, lusolo latuluka m'khola limene linabadwira. Ngati onse ndi mabanki, ndiye ndi luso la kubanki, lofunika kwa inu pokhapokha ngati mukulowera kumeneko.

Chachitatu ndi kutsika mulingo. Apa danga D likugwira ntchito. Maluso atsopano amakonda kuonekera kaye pa maudindo aakulu kapena a akatswiri apadera, kenaka n'kutsikira kwa oyamba kumene. Ngati mu 2021 Power BI inkafunidwa kwa a zaka 5 okha ndipo mu 2023 ikufunidwa ngakhale kwa a zaka 2, ikusanduka chinthu wamba. Mungagwiritsenso ntchito mfundo imeneyi poonera patali: tolani zilengezo 15 za chaka chino za mulingo wapamwamba pa wanu, muziike pa tsamba lapadera, ndipo muone maluso amene ali kumeneko koma sanafike kwanu.

Gawo 8: Chotsani chinyengo cha kutalika kwa zilengezo

Ngati pafupifupi maluso onse m'tebulo lanu akukwera, kaikirani. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti zilengezo zatalika. Chilengezo cha mawu 600 chimatchula zinthu zambiri kuposa cha mawu 200, ngakhale ntchitoyo ndi yomweyo. Werengani mawu a chilengezo chilichonse motere:

```
=LEN(TRIM(SUBSTITUTE(F2,CHAR(10)," ")))-LEN(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(F2,CHAR(10),"")," ",""))+1
```

Kenaka pezani avereji ya chaka chilichonse ndi `AVERAGEIF`. Ngati yakula ndi theka kapena kuposa, lekani kudalira peresenti yokha, muyang'ane malo a luso pa mndandanda. Sanjani maluso 20 aja m'chaka choyamba kuyambira lotchulidwa kwambiri, muchite chimodzimodzi m'chaka chomaliza. Luso limene lachoka pa nambala 18 kufika pa nambala 7 ladutsa anzake, ndipo kutalika kwa zilengezo sikungafotokoze zimenezo chifukwa kumakweza onse pamodzi.

Vuto lina lofanana nalo ndi kukopera. Maofesi ambiri olemba anthu amatenga chilengezo cha zaka zapitazo n'kungosintha tsiku, choncho zilengezo zimachedwa kumbuyo kwa zimene zikuchitikadi mu ofesi, nthawi zina ndi chaka kapena ziwiri. Koma chizolowezi chomwechi chili ndi phindu lalikulu. Sankhani olemba ntchito 8 kapena 10 amene akupezeka m'chaka choyamba ndi chomaliza pa udindo womwewo, muike zilengezo zawo ziwiriziwiri pambali ndi pambali. Popeza mawu ambiri anangokopedwa, chiganizo chilichonse chowonjezeredwa kapena chochotsedwa chinasinthidwa dala ndi munthu amene anaona kuti chakale sichikukwaniranso. Ngati asanu mwa 8 awonjezera chiganizo cha Power BI, umenewu ndi umboni wolimba kuposa tebulo lonse, chifukwa gwero, bwana ndi udindo sizinasinthe.

Gawo 9: Funsani anthu awiri kapena atatu, ndipo musankhe

Tebulo limaona zolembedwa zokha. Ntchito zambiri zimadzazidwa mkati mwa kampani kapena kudzera mwa odziwana, osalengezedwa konse, ndipo makampani ang'onoang'ono salengeza kawirikawiri ngati aakulu. Choncho maluso awiri kapena atatu amene apambana mayeso onse apite nawo kwa anthu amene amalemba kapena kuyang'anira antchito a udindowo. Musafunse kuti "kodi luso lakuti n'lofunika?", chifukwa aliyense amayankha kuti inde. Funsani kuti: "Pa anthu amene munawaitana ku mafunso ulendo watha, ndi angati anali nalo? Munawayesa bwanji? Amene munamulemba amaligwiritsa ntchito kangati pa mwezi, ndipo pochita chiyani?" Yankho lakuti anapatsidwa fayilo kuti akonze lipoti m'mphindi 45 likusiyana kutali ndi lakuti zinangofunsidwa pakamwa.

Kuti mudziwe kuya kumene muyenera kufika, bwererani ku danga F, muwerenge mneni amene waikidwa patsogolo pa lusolo m'zilengezo zonse za 2. `Familiarity with` akutanthauza kutsegula ndi kuwerenga malipoti opangidwa ndi ena. `Build` kapena `develop` akutanthauza kutenga manambala ku pulogalamu ya maakaunti, kuwayeretsa, kulumikiza matebulo ndi kulemba mafomula ake, amene mu Power BI amalembedwa m'chinenero chotchedwa DAX. Ngati zinayi mwa zilengezo 6 zija zikunena za kupanga, kosi ya masiku awiri yongoonetsa mabatani siikukwanirani. Mufunika kupanga lipoti lenileni limodzi kuyambira pa manambala osakonzedwa mpaka pomaliza, limene mungalionetse pa mafunso.

Tebulolo musalitaye. M'miyezi itatu ija imene munasankha, onjezani zilengezo 10 mpaka 15 ulendo uliwonse, kuchokera ku gwero lomwelo, ndipo musunge mawu ake onse tsiku lomwelo zisanachotsedwe. Luso latsopano likaoneka m'zilengezo zitatu za olemba ntchito osiyana, litsegulireni danga, n'kulisakanso m'mawu a zaka zam'mbuyo kuti muone pamene linayambira.